Kaniki, kanga ndi nsalu ya Idi: n'chifukwa chiyani timavala zomwe anzathu avala?

Mwezi wa Ramadhani ukafika m'masiku khumi omaliza, matelala a ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota sagona. Makina amalira mpaka nthawi ya daku. Mutakhala pakhonde la telala kwa ola limodzi lokha, mudzaona kuti anthu ambiri sabwera ndi kasokedwe kochokera m'mutu mwawo. Amatulutsa foni, n'kuonetsa chithunzi, amvekere: "Mundisokere ngati iyi." Wotsatira naye atulutsa foni yake, chithunzi chake n'chomwecho. Tsiku la Idi likakwana, timapeza kuti theka la atsikana a m'mudzi avala manja a diresi ofanana, ndipo anyamata avala mikanjo ya mtundu umodzi, pamene panalibe mfumu kapena shehe amene analamula zimenezo. Chaka chamawa manja aja palibenso amene akuwafuna. Nsalu sinang'ambike, sinasuluke, koma mwana akukana kuivala, ati "zinatha fasho."

Makolo ambiri timangoti ana a masiku ano ndi otengeka. Koma khalidweli silinayambe ndi ana athuwa, ndipo silinabwere ndi foni. Lili ndi kayendedwe kake komwe tingathe kukatsata bwinobwino, ndipo chitsanzo chomveka tikuchipeza kwa Asilamu anzathu a ku Zanzibar, zaka zoposa 100 zapitazo.

Nsalu imene inkanena kuti ndiwe yani

M'zaka za m'ma 1800, Zanzibar unali msika waukulu wa minyanga ya njovu, nsalu ndi akapolo. Ambiri mwa akapolowo ankachokera kuno kunyanja ndi madera ozungulira, kudzera njira ya ku Kilwa. Nkhaniyi ndi yathu mbali zonse ziwiri, pakuti ena mwa makolo athu anagulitsidwa, ndipo ena ndi amene ankagulitsa. Pachilumbapo munthu ankadziwika ndi chovala asanatsegule pakamwa. Mkazi wakapolo ankavala kaniki, nsalu yotchipa yochokera ku India yonyikidwa mu utoto wa buluu wodera, yofanana ndi imene agogo athu ankaitcha biliwita, kapena merikani, nsalu yoyera yosanyika imene poyamba inkachokera ku America. Ankaifunda m'chifuwa, mutu ndi mapewa zili pamtunda. Kapolo wamwamuna sankayenera kuvala nsapato kapena mzuli pamaso pa mbuye wake. Kufunda kumutu, nsapato ndi nsalu zamaluwa zinali za mfulu ndi olemera.

M'chaka cha 1897, lamulo lothetsa ukapolo linalengezedwa ku Zanzibar. Wolemba mbiri wina, Laura Fair, amene anafufuza za moyo wa anthu a m'tauni ya Zanzibar m'nyengo imeneyo, anafotokoza kuti chimodzi mwa zinthu zoyamba zomwe omasulidwa ankachita chinali kusintha zovala. Amuna anagula kanzu, womwe ndi mkanjo, ndi mzuli ndi nsapato. Akazi anataya kaniki n'kuyamba kugula kanga.

Kanga ndi nsalu yopepuka ya thonje, yotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, mulifupi mita imodzi, yokhala ndi mkombero m'mbali zonse zinayi, ndipo imagulidwa ziwiriziwiri: ina ya m'chiuno, ina yofunda kumutu ndi m'mapewa. Inayamba m'zaka zomalizira za m'ma 1800, ndipo anthu ambiri amanena kuti dzinali linabwera chifukwa cha madontho a nsalu zoyambazo, omwe ankafanana ndi nthenga za nkhanga, pakuti m'Chiswahili nkhanga ndiye kanga. Mawu amene timawaona m'munsi mwa kanga anadzawonjezedwa pambuyo pake, ndipo poyamba ankalembedwa m'zilembo za Chiarabu.

Mkazi amene ankagula kanga m'chaka cha 1900 sankagula nsalu yolimba kuposa kaniki. Ankagula uthenga woti "ine sindine kapolo wa munthu." Ndipo pamene akazi onse anakhala ndi kanga, kungokhala nayo kunasiya kunena kanthu. Chofunika chinakhala kuti kanga yako ndi ya maluwa atsopano kapena akale, komanso uli nazo zingati m'bokosi. Amalonda anaizindikira njala imeneyi, n'kumaitanitsa maluwa atsopano pafupipafupi kuchokera ku mafakitale a ku Ulaya ndi ku India. Kenako kunabwera buibui, chofunda chakuda cha thupi lonse, chimene chinayamba ndi akazi a mabanja apamwamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo pofika m'ma 1930 chinali chitafala pakati pa akazi a m'tauni, olemera ndi osauka omwe.

Kuno kwathu zinayenda mofananamo. Mafumu a Chiyao monga Makanjila ndi Mataka, komanso anthu a Jumbe ku Nkhotakota, ankavala ngati anthu a kugombe la nyanja ya mchere, chifukwa kumeneko ndi kumene kunkachokera nsalu, mfuti ndi ulemu wa nthawi imeneyo. Ndipo tisaganize kuti makolo athu ankangolandira chilichonse. Azungu apaulendo amene ankadutsa kum'mawa kwa Afrika ankadandaula m'zolemba zawo kuti mikanda imene ikulandiridwa m'dera lino, kutsogoloko akuikana, ndipo imene inkayenda malonda chaka chatha, chaka chino anthu sakuifuna. Fasho inalipo ngakhale pamene nkhani zinkayenda wapansi.

Zikoka ziwiri mumtima umodzi

Katswiri wina wa ku Germany wa za kakhalidwe ka anthu, Georg Simmel, analemba za fasho m'chaka cha 1904. Mfundo yake inali yoti munthu aliyense ali ndi zilakolako ziwiri zotsutsana. Amafuna kufanana ndi anzake kuti asasekedwe, komanso amafuna kusiyana nawo kuti aoneke. Fasho imakhutitsa zonse ziwiri nthawi imodzi, chifukwa ukavala chatsopano umafanana ndi gulu limene ukulisirira, n'kusiyana ndi gulu limene sukufuna kuti akuphatikizemo.

Apa ndi pamene pagona chifukwa chimene fasho imafera. Ochepa amene ali ndi ndalama kapena dzina amayamba kuvala chinthu. Ena amawaona n'kutengera. Amalonda amabweretsa chofanana nacho chotchipa, ndipo posakhalitsa chili pamsika uliwonse. Chikafika pamenepo sichingathenso kusiyanitsa munthu, choncho oyamba aja amachisiya n'kusaka china. Kufala kwake komweko ndi kumene kumachipha. Akuluakulu anati tsobola wakale sawawa, koma pa nkhani ya zovala tsobolayo sakalamba ndi masiku ayi, amakalamba ndi kuchuluka kwa anthu amene amulawa. Ndiye mwana akamati diresi ya chaka chatha "inatha," sakunama kwenikweni. Chimene chinatha ndi uthenga umene diresiyo inkapereka, ndipo uthengawo ndi umene iye ankaufuna pogula.

Zaka zisanu Simmel asanalembe zimenezi, mu 1899, katswiri wa zachuma wa ku America, Thorstein Veblen, anali ataonetsa mbali ina. Iye anati zinthu zina zimagulidwa chifukwa chakuti n'zodula, kuti oona adziwe kuti mwiniwake ali nazo zoti awononge. Chovala choyera mbee chimene sichingafike kudoko, nsapato zimene sungayende nazo pamchenga, nsalu yosachedwa kuthimbirira, zonsezi zimanena kuti "ine sindigwira ntchito ya manja." Kusathandiza kwa chovalacho ndi kumene kukugulitsidwa.

Tisapitirire nayo muyezo mfundoyi. Si nthawi zonse pamene fasho imatsika kuchokera kwa olemera. Buluku la jinzi linayamba ngati chovala cha anthu a m'migodi ndi m'minda ku America, ndipo timabatani tachitsulo ta m'makona a matumba tinaikidwa m'ma 1870 kuti matumba asang'ambike ndi zida. Lero mwana wa bwana amagula jinzi yong'ambidwa kale m'mawondo pamtengo wokwera kuposa yabwinobwino. Masiku ano amene amatengeredwa sakhala wolemera yekha. Akhoza kukhala wosewera mpira, mtsikana wotchuka pasukulu, kapena m'bale amene wangobwera kumene kuchokera ku Joni. Chofunika n'chakuti ena akufuna kuoneka ngati iye.

Mizere itatu ya Asch

Kusirira wapamwamba ndi theka la nkhani. Theka linalo ndi mantha otsala wekha, ndipo mphamvu ya mantha amenewa inayezedwapo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Solomon Asch, katswiri wa za maganizo a anthu ku America, ankaitana anyamata a m'makoleji m'magulu a anthu 7 mpaka 9, n'kuwauza kuti akufuna kuyeza maso awo. Ankawaonetsa makadi awiri. Pa khadi loyamba panali mzere umodzi, pa lachiwiri mizere itatu yosiyana kutalika. Funso linali loti ndi mzere uti mwa itatuyo umene ukufanana ndi woyamba uja. Linali funso losavuta, moti anthu akamayankha paokha, zolakwa sizinkafika ngakhale chimodzi pa mayankho 100.

Chinsinsi chinali chakuti onse m'chipindamo, kupatula mmodzi, anali atapangana ndi Asch. Ankayankha mokweza mmodzimmodzi, ndipo wosadziwa uja ankakhala chakumapeto kwa mzere. Pa mafunso 18, opanganawo ankapereka dala yankho lolakwika limodzimodzi pa mafunso 12. Taganizani muli pampando umenewo. Maso anu akuona bwinobwino kuti yankho ndi mzere wachiwiri, koma anthu asanu ndi mmodzi, mosakayika konse, anena kuti woyamba.

Mwa anthu 123 amene anayesedwa motere, pafupifupi mayankho 37 pa 100 aliwonse a mafunso opangana aja anatsata gulu. Anthu atatu mwa anayi aliwonse anagonjerapo kamodzi kapena kuposa. Tionenso mbali inayo, chifukwa ambiri pofotokoza kafukufukuyu amaisiya: munthu mmodzi mwa anayi sanagonje ngakhale kamodzi, ndipo mayankho ambiri anali olondola. Gulu limakankha, koma silinyamula aliyense.

Zimene Asch anapeza atasintha kakonzedwe ndi zimene zili zothandiza kwambiri pakhomo. Wotsutsa akakhala mmodzi yekha, anthu sankatekeseka. Akakhala awiri, kugonja kunkayamba. Akafika atatu, kunkakwera kufika pafupifupi pamlingo wake wonse, ndipo kuwonjezera ena pamwamba pa atatuwo sikunkasintha zambiri. Choncho mwana wanu akamati "aliyense ali nayo," mufunseni mayina. Kawirikawiri "aliyense" amakhala anthu atatu kapena anayi amene amakhala nawo pafupi m'kalasi, ndipo kwa mtima wa mwana atatuwo ndi okwanira kukhala dziko lonse.

Chachiwiri, Asch akaika m'gulumo munthu mmodzi yekha wonena zoona, kugonja kunkatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mmene kunalili. Mnzako mmodzi ndi wokwanira. Chachitatu, munthu akaloledwa kulemba yankho lake papepala m'malo molinena mokweza, kugonja kunkachepanso kwambiri. Izi zikutiuza kuti ambiri maso awo sankanamizidwa. Ankaona zoona, koma ankaopa kuoneka achilendo.

Ngati anthu amagonja pa kutalika kwa mzere, chinthu choti ukhoza kuchiyeza ndi rula, nanga bwanji pa funso loti mpango uwu ndi wokongola kapena ayi, pamene palibe rula yoyezera?

Kutsata nyali za anzako

Pali kutengera kwa mitundu iwiri, ndipo tiyenera kukusiyanitsa. Kwina ndi kumene taona kwa Asch, kutsata gulu poopa kusekedwa ngakhale ukudziwa zoona. Kwina ndi kutsata gulu chifukwa ukuganiza kuti anzakowo akudziwa chimene iwe sukuchidziwa. Msodzi wa usipa akaona usiku nyali zambiri zasonkhana malo amodzi, napalasa kulowera komweko, sitinganene kuti ndi wopusa. Akugwiritsa ntchito maso a anzake. Mlendo akafika pamsika n'kugula mandasi pamene pali anthu ambiri, nayenso wachita mwanzeru. Munthu sangayese yekha chilichonse, ndipo mwana amaphunzira kuyankhula, kudya ndi kupereka ulemu poonera.

Vuto limabwera pamene onse akuonerana, popanda amene waona nsomba. Tiyerekeze sitolo ina yalandira nsalu ziwiri za mtengo umodzi sabata ya Idi, yobiriwira ndi yofiirira. Amayi 20 abwera kudzagula tsiku limenelo. Atafunsidwa aliyense payekha, 12 akanasankha yobiriwira ndipo 8 yofiirira, koma kusiyana kwake mumtima mwawo n'kochepa. Mwangozi, awiri oyamba kufika ndi a gulu la yofiirira. Wachitatu amakonda yobiriwira pang'ono, koma waona awiri atanyamula yofiirira, ndipo wogulitsa wamuuza kuti "iyi ndiye ikuyenda." Iye aganiza kuti mwina awiriwo akudziwa zimene zili m'fasho kutauni, nagula yofiirira. Wachinayi tsopano akuona atatu. Sakudziwa kuti wachitatuyo anangotsatira. Wachisanu akuona anayi. Pofika madzulo mpukutu wa yofiirira watha, wobiriwira uli chikhalire, ndipo mudzi wonse ukunena kuti chaka chino ndi cha yofiirira. Chikhala kuti minibasi imene inanyamula amayi awiri oyamba aja inachedwa ndi theka la ola, mudzi womwewo ukanavala zobiriwira, ndipo anthu akanapeza zifukwa zomveka zofotokozera kukongola kwake.

Chitsanzochi n'chongopeka, koma chinayesedwapo ndi anthu enieni. Mu 2006, Matthew Salganik, Peter Dodds ndi Duncan Watts a ku yunivesite ya Columbia ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa intaneti ndi anthu oposa 14,000. Anagwiritsa ntchito nyimbo 48 za oimba osadziwika. Nyimbozo si nkhani yathu pano, chimene tikufuna ndi kayendedwe ka kutchuka. Anthu ena ankasankha paokha osaona zimene anzawo asankha. Otsalawo anagawidwa m'magulu 8 osaonana, ndipo m'gulu lililonse munthu ankaona chiwerengero cha anzake a m'gulu lomwelo amene atenga nyimbo iliyonse. Magulu onse anayamba ndi nyimbo zomwezo, zonse zili pa ziro.

Kukanakhala kuti kutchuka kumatsata ubwino wokha, magulu onse 8 akanathera pa mndandanda wofanana. Sizinatero. Nyimbo ina inakhala yoyamba m'gulu lina, koma m'gulu linanso inathera pa nambala 40. Komanso kumene anthu ankaona ziwerengero, mpata pakati pa zotchuka ndi zosatchuka unali waukulu kuposa kumene ankasankha paokha. Ubwino sunali wopanda ntchito, chifukwa zabwino kwambiri sizinkagwa kawirikawiri, ndipo zoipitsitsa sizinkapambana kawirikawiri. Koma kwa zonse za pakatikati, zomwe ndi zochuluka, mwayi wa amene anayamba kusankha ndi umene unkagamula.

Apa tikuona chimene foni yasintha. Agogo athu ankaona anthu a pamsika ndi a paukwati, mwina makumi angapo. Mwana wa lero pansi pa chithunzi chilichonse akuona nambala ya amene achikonda, ndipo makina a TikTok ndi Facebook amakankhira patsogolo chimene chayamba kale kuonedwa ndi ambiri. Ndi sitolo ija ya nsalu ziwiri, koma wogulitsa wake akunong'oneza "iyi ndiye ikuyenda" kwa anthu mamiliyoni nthawi imodzi. Ndipo nambala zimenezo zimatheka kugulidwa, monganso wamalonda wochenjera amapatsa mtsikana wodziwika diresi yaulere kuti akaonekere nayo paukwati.

Ngakhale mkanjo uli ndi fasho

Tisadzinamize kuti zovala zathu za Chisilamu zili kunja kwa zimenezi. Chimene chipembedzo chimafuna pa chovala n'chodziwika: chibise zoyenera kubisika, chikhale chaukhondo, chisakhale cha kudzikweza kapena kuwononga chuma. Kuvala bwino pa Idi ndi pa Ijumaa n'kokondedwa. Koma kasokedwe ndi nkhani ya madera. Mkanjo wa ku Saudi Arabia uli ndi kolala, wa ku Oman ulibe kolala ndipo uli ndi kachingwe kolendewera pakhosi, wa ku Morocco uli ndi chisoti chake kumsana. Timaona anyamata ena akuyang'ana pansi mkulu wovala mkanjo wosokedwa ndi telala wa pamudzi, ngati kuti wochokera kunja uli ndi sawabu zambiri. Timaonanso alongo athu akupikisana pa abaya ndi kamangidwe ka mpango, mpaka wina kulephera kupita ku mzikiti tsiku la Idi chifukwa alibe chatsopano. Pamenepo chimene chikugwira ntchito ndi chomwe chija cha Simmel, changovala dzina la chipembedzo. Ndipo n'choopsa kuposa fasho wamba, chifukwa wochita mpikisanoyo amadziona ngati akuchita ibada.

Nsalu ya ukwati ndi masamu ake

Malo amene zonsezi zimakumana m'mabanja mwathu ndi nsalu ya yunifomu ya paukwati. Cholinga chake n'chabwino. Onse akavala nsalu imodzi, wolemera ndi wosauka amaoneka a banja limodzi. Koma taonani mmene imasankhidwira. Komiti yakhala pansi, mayi amene ali ndi ndalama kapena wochokera kutauni ayamba kuyankhula, natchula nsalu yodula. Wachiwiri avomera, wachitatu avomera. Atatu a Asch aja akwana. Otsalawo aliyense mumtima akuwerenga ngongole, koma akuganiza kuti ndi iye yekha amene zikumuvuta, ndiye onse angoti "zili bwino." Pobwerera kunyumba m'pamene amayamba kudandaulirana awiriawiri. Kenako mpikisano umasamukira kwa telala, chifukwa nsalu ikafanana, chosiyanitsa chimatsala kasokedwe, ndipo ndalama imene yunifomu inkayenera kupulumutsa imathera komweko.

Mankhwala ake ali m'kafukufuku yemwe uja. Mtengo umene aliyense angakwanitse uyambe wafunsidwa nsalu isanaonetsedwe, ndipo aliyense alembe pakapepala kapena auze mlembi payekha. Pokambirana, oyamba kuyankhula akhale achichepere ndi ochepekedwa, olemera ndi akuluakulu atsirize. Ndipo munthu mmodzi waulemu wake, amene aliyense akudziwa kuti ndalama si vuto kwa iye, akanena kuti "imeneyi yakwera, tiyeni tione ina," amamasula pakamwa pa anthu khumi. Wosauka sangayambe kunena mawu amenewo, chifukwa kwa iye ndi kuulula umphawi.

Pogulira ana, masamu othandiza ndi ogawa mtengo wa chovala ndi masiku amene chidzavalidwe. Tiyerekeze diresi ya kasokedwe ka chaka chino yadya K40,000, nsalu ndi telala, ndipo ivalidwa kanayi isanatchedwe yakale. Tsiku lililonse ladya K10,000. Ina yosokedwa mwachizolowezi yadya K50,000 koma ivalidwa maulendo 50, ndiye kuti tsiku lililonse ndi K1,000. Yooneka yotchipa ija ndi yodula kakhumi. Mwana wa sekondale masamu awa amawamva, makamaka mukamupatsa cholembera kuti awerengere yekha, kusiyana ndi kumuuza kuti ndi wotengeka. Kumunyoza sikuthandiza, pakuti kusekedwa ndi anzake kumamupweteka zenizeni, monga mmene anyamata a Asch ankavutikira mumtima pa nkhani ya mizere chabe. Chimene chimathandiza ndi mnzake mmodzi uja. Mabanja awiri kapena atatu oyandikana akagwirizana za mlingo wa zovala za Idi, palibe mwana amene amatsala yekha.

Tingadziwe bwanji kuti fasho ili pafupi kufa, kuti tisagule kumapeto kwake? Zizindikiro zake zimachokera m'kayendedwe kamene tafotokoza. Chinthu chikayamba kupezeka pa benchi iliyonse ya pamsika m'mitundu yotchipa, ana aang'ono ndi akuluakulu omwe ayamba kuchivala, ndipo amene anachiyambitsa sakuonekanso nacho, ndiye kuti nthawi yake yatsala pang'ono. Tsoka lake n'lakuti nthawi imeneyi ndi imene chikoka chogula chimakula kwambiri, chifukwa m'pamene "aliyense ali nacho." Wamalonda wamng'ono amagwa m'dzenje lomweli. Amaona katundu akuyenda, nakatenga ngongole kukapikula wambiri, katunduyo n'kufika anthu atatembenukira kwina. Chizindikiro china n'chakuti fasho imene yafala mwachangu kwambiri imathanso mwachangu, chifukwa ambiri mwa oivala anangotsatira, monga mayi wachitatu uja wa m'sitolo, ndipo kamphepo kakang'ono n'kokwanira kuwatembenuza.

Matelala akale ali ndi njira yawo pa zimenezi. Fasho nthawi zambiri imakhala pa mbali imodzi ya chovala, monga manja, khosi kapena zokongoletsa za m'mphepete, pamene thupi la diresi kapena la mkanjo silisintha kwenikweni. Ndiye pokasoketsa, pemphani kuti thupi lisokedwe mwachizolowezi, m'mbali musiyidwe nsalu yokwanira kudzakulitsa mwana akakula, ndipo za fashozo zilumikizidwe mwa njira yoti n'kudzasomoledwa. Hafu mita yotsala musaisiye kwa telala. Isungeni m'bokosi, chifukwa ndi imene idzakhale manja atsopano chaka chamawa.